Thandizo pa mtengo wogulitsira jenereta ntchito ikatha

Muli bwanji nonse? Ndithandizeni, anzanga odziwa za misonkho.

Kampani yathu yomanga muno mu Blantyre ikufuna kugula jenereta ya K40 miliyoni yoti tigwiritse ntchito pa kontilakiti ya zaka 4 ku Chirimba, kenako tidzaigulitse. Chandivuta ndi ndalama yomwe ndilembe pa chaka chomalizacho.

Ndazungulira kwa ogulitsa makina akale ku Limbe ndi ku Ginnery Corner. Mmodzi anangofunsa maola omwe idzakhale itayenda n'kutchula K18 miliyoni, ena akuti zidalira dola. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, makina akale anakwera mtengo, ndiye ndikuopa kungoganizira.

Kuwerengera kwanga n'kotere: tikachotsa capital allowances, mtengo wotsala m'mabuku a msonkho udzakhala pafupifupi K12 miliyoni. Tikagulitsa K18 miliyoni, K6 miliyoni yapamwambayo ndi balancing charge. Msonkho wa 30% ndi K1.8 miliyoni, titsala ndi K16.2 miliyoni.

Kodi MRA imawerengeradi chonchi? Ndalama zoizulira ndi kuinyamula ndingachotse msonkho usanawerengedwe? Nanga mtengo wa zaka 4 kutsogolo inu mumauyerekeza bwanji, m'makwacha kapena m'madola?

Zikomo.