Ngongole ya K900,000 yogulira sola: zokambirana za gulu lathu

Mlembi: Bambo wa babashopu apempha ngongole ya K900,000 kuti agule sola, ndipo amayi msungichuma akana kutulutsa ndalamayo. Tiyeni timve mbali zonse tisanakumane Loweruka.

Bambo wa babashopu: Zikomo alembi. Ine ndimagula mayunitsi a K15,000 mwezi uliwonse. Wogulitsa wandiwerengera panelo la mawatsi 300, batire, inveta, kontirola ndi mawaya, zonse K900,000. Ndikagawa ndalamayi ndi K15,000 ndikupeza miyezi 60, kutanthauza kuti pakatha zaka 5 ndalama yanga idzakhala itabwerera, pamene panelo limakhala zaka zoposa 20. Sindikuona chifukwa chondikanizira, popeza sindinachedwetsepo ngongole m'gulu muno.

Msungichuma: Achimwene, palibe amene akukayikira kukhulupirika kwanu. Lamulo lathu limati munthu abwereke zosapitirira katatu masheya ake, ndipo anu ndi K150,000, choncho malire anu ndi K450,000. Komanso ngongole zonse ziyenera kubwezedwa tisanagawane mu Disembala.

Aphunzitsi: Ndiloleni ndilowepo, chifukwa kunyumba kwanga ndakhala ndi sola zaka zingapo ndipo batire ndasintha kale kawiri. Achimwene agawa bwino, koma agawa ndi nambala yolakwika. Kuno dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola pafupifupi 5 patsiku, ndiye panelo la mawatsi 300 likhoza kupanga yunitsi imodzi ndi theka, koma mukachotsa zotayika m'batire, mu inveta ndi chifukwa cha fumbi, mumatsala ndi yunitsi imodzi basi, omwe ndi mayunitsi 30 pamwezi. Kodi mita yanu imadya angati?

Bambo wa babashopu: Pafupifupi 90, chifukwa pamita yomweyo pali firiji ya mafirizesi ya akazi anga.

Aphunzitsi: Ndiye sola imeneyi ikuchotserani gawo limodzi mwa magawo atatu, lomwe ndi K5,000 pamwezi, ndipo K10,000 yotsalayo muzilipirabe chifukwa firiji ikhalabe pamita. Mukagawa K900,000 ndi K5,000 mupeza miyezi 180, zomwe ndi zaka 15. Vuto lalikulu ndi lakuti batire la asidi limatha pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo limafa msanga mukamalitsitsa kupitirira theka la moto wake. Mudzalizindikira likayamba kudzaza msanga masana n'kuthanso msanga madzulo. Ngati batire ndi la K300,000, pa zaka zitatu mudzakhala mutapulumutsa K180,000 yokha, yosakwana n'kugula batire lina.

Mayi wa zitumbuwa: Ngati gulu likugula sola, ine ndikupempha kuti ikaikidwe kwanga, chifukwa ndatopa ndi kugula makala ndipo ndikufuna kuphikira pa hotipuleti.

Mlembi: Amayi, si gulu limene likugula, ndi ngongole ya munthu mmodzi.

Aphunzitsi: Ndiponso hotipuleti imadya mawatsi 1,000 kapena kuposa, moti ola limodzi lingamalize moto wa tsiku lonse.

Bambo wa babashopu: Aphunzitsi, mwawerenga mayunitsi okha. Magetsi akazima ndimatseka, ndipo makasitomala amapita kwa mnzanga amene ali ndi sola. Mwezi wathawu ndinataya masana a masiku 10, tsiku lililonse pafupifupi K4,000 ya kumeta ndi kutchaja mafoni.

Aphunzitsi: Pamenepo mwanena zoona, ndipo ndikuvomera kuti ndinasiya chinthu chachikulu. Tikaphatikiza K40,000 imeneyo ndi K5,000 ya mayunitsi, phindu la sola ndi K45,000 pamwezi, ndipo ndalama ibwerera pa miyezi 20, batire lisanafe. Komabe nambala imeneyi yatsamira pa mwezi umodzi wokha. Magetsi athu ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, ndipo kuzimazima kumasiyana malinga ndi nyengo, kotero kuti akakhazikika mudzabwerera ku zaka 15 zija.

Msungichuma: Ngakhale titalandira miyezi 20 imeneyo, chiwongoladzanja chathu ndi K10 pa K100 iliyonse pamwezi. Pa K900,000 ndi K90,000 mwezi woyamba, kuwirikiza kawiri zimene sola ingabweretse. Ngongole ya miyezi itatu singalipiridwe ndi katundu wobweza pa miyezi 20, ndipo mudzakakamizika kugulitsa mbuzi kapena kubwereka kwa akatapila, zimene sindikufuna kuti zichitike ine ndikusunga bokosi.

Aphunzitsi: Makina ometera ndi matchaja sadya moto wambiri. Panelo la mawatsi 100 ndi batire laling'ono zikhoza kukwanira kuti musatseke, ndipo K40,000 ija muipulumutsabe pa mtengo wochepa.

Bambo wa babashopu: Ndikafunsa mtengo wake, koma sindinakhutire. Chaka chatha munabwereketsa membala wina kuposa masheya ake kuti agule feteleza, ndipo palibe amene anatchula lamulo.

Msungichuma: Gulu lonse linavomereza chifukwa anali ndi mboni ziwiri zimene zinaika masheya awo ngati chikole. Kodi alipo pano amene angaike ake?

Wapampando: Funso limenelo tikayankhe Loweruka. Achimwene, mubwere ndi mtengo wa sola yaing'onoyo, malisiti a mayunitsi a miyezi itatu, ndi kope limene mumalembamo zimene mwapeza patsiku, ngati mumalemba.