Sipika ya Bluetooth ikuthetheka n'kumadukiza mawu, yatha kapena?

Nambewe: Abale ndithandizeni. Laputopu yanga imakhala kuchipinda, tebulo limodzi ndi rauta, sipika ili pabalaza. Mtunda ngati mamita 7, pakati pali khoma la njerwa. Nyimbo zimayamba bwinobwino, kenako mawu amathetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, n'kumadukaduka. Zimanyanya ndikamakopera mafayilo ku hadidiraivu yakunja. Ndigule ina?

Mjomba Tee: Yaphulika imeneyo mayi, mumakweza voliyumu mopyola.

Wamawaya: Ayi achimwene, sipika yong'ambika imalira moipa nthawi iliyonse mukakweza, siidikira kuti munthu ayambe kukopera mafayilo. A Nambewe, musagule kaye. Iyikeni pafupi ndi laputopu, mita imodzi, muzule hadidiraivu, muzimitse Wi-Fi, muyike nyimbo yomwe ili kale mu laputopumo. Ikalira bwino, sipika ilibe mlandu. Ndiye muzibwezera chimodzichimodzi, mumve pomwe kuthethekako kuyambire.

Ine ndikukayikira hadidiraivuyo. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, ndipo chingwe cha USB 3.0 chikamatumiza mafayilo chimatulutsa phokoso la wailesi pomwepo. Mamita 10 omwe amalemba pa katoni aja ndi a pamalo popanda chotchinga. Khoma lanulo ladya kale mphamvu yambiri, siginolo imafika itafooka, ndiye phokoso pang'ono chabe limaikwirira.

Dalitso K: Zonsezi n'zochulutsa. Sinthani Wi-Fi ikhale pa 5 GHz basi, nkhani yatha.

Wamawaya: Zimathandizadi, ngati rauta ndi laputopu zonse zili nayo 5 GHz, chifukwa Wi-Fi imachoka panjira ya Bluetooth. Koma phokoso la USB 3.0 likhalabe. Hadidiraivu aiyike mbali ina ya laputopu, kapena aitalikitse ndi chingwe chabwino. Akailowetsa pa USB 2.0 kuthetheka n'kusiya, wapezeka wolakwa, kungoti kukopera kuzichedwa. Rautayonso ichoke patebulopo.

Mayi a Pempho: Zanga ndi zam'makutu. M'nyumba zili bwino, koma ndikamayenda panja foni ili m'thumba lakumbuyo zimaduka, makamaka ndikacheuka.

Wamawaya: Limenelo ndi thupi lanu mayi. Muli madzi ambiri, ndipo madzi amamwa siginolo imeneyi. M'nyumba imagunda makoma n'kukuzungulirani, panja ilibe pogunda. Foni izikhala m'thumba lakutsogolo. Ngati mumagwiritsa ntchito LDAC, njira ina yotumizira mawu pa Bluetooth, tsitsani liwiro lake kuchoka pa 990 kbps kufika pa 660 kapena 330.

Nambewe: Ndayesa. Pafupi ikulira bwino, ngakhale Wi-Fi ili yoyatsa. Nditasamutsa hadidiraivu kuthetheka kwasiya pabalaza pomwe, zikomo kwambiri. Koma ikudukabe mwa apo ndi apo, makamaka madzulo, komanso chitseko chikatsekedwa.

Dalitso K: Madzulo ndi ma Wi-Fi a oyandikana nawo amenewo, aliyense amakhala ali pa intaneti.

Wamawaya: Mwina, kapena pali wotenthetsa chakudya mu maikulowevu, nayonso ili pa 2.45 GHz. Chitsekocho n'chachitsulo kapena chathabwa?