Injini ingapose malire a Carnot?

Muli bwanji nonse apa, ndili ku Nsanje ndipo funso la fizikisi ili landizunguza mutu. Akuti injini ikutenga kutentha kwa 1000 J kuchokera ku nthunzi ya 227 °C, ikugwira ntchito ya 450 J, kotsalako ikutayira m'madzi a mu Shire a 27 °C. Ndiye 450/1000 ndi 45%.

Pa fomula ya malire a Carnot, `η = 1 − Tc/Th`, ndasintha kaye kukhala ma K, 300 ndi 500, zikutuluka 40%. Mnzanga anangoyika 27 ndi 227 wapeza 88% ati zatheka, koma ine sindikumukhulupirira chifukwa fomulayi imafuna ma K. Ndabwerezanso pa kakyuleta, ndi 40% yomweyo, aphunzitsi foni sakuyankha.

Ndiye ndilembe kuti injini yotereyi singatheke poti 45 yaposa 40, kapena pali china choyamba kuchotsera pa 450 J ija? Ndithandizeni chonde.