Funso: Mahekitala a nkhalango yomwe yatha pakati pa 2014 ndi 2023 akundikayikitsa

A Mwale, Kasungu

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene anagwirapo ntchito ndi zithunzi za setilaiti. Ndikuwerengera kukula kwa nkhalango yomwe yatha m'dera la mahekitala 20,000, lomwe likuphatikiza mbali ina ya nkhalango ya Chimaliro ndi midzi yoyandikana nayo. Ndinatenga zithunzi ziwiri za Landsat 8, china cha mu Meyi 2014 ndipo china cha kumapeto kwa Sepitembala 2023, ndipo chilichonse ndinachigawa mu pulogalamu ya mapu ya QGIS m'magulu awiri, malo a nkhalango ndi malo opanda nkhalango. Mapu a 2014 anatulutsa mapikiselo 120,000 a nkhalango, pomwe a 2023 anatulutsa 90,000. Popeza pikiselo imodzi ya Landsat ndi mamita 30 mbali zonse, kutanthauza mahekitala 0.09, ndinapeza mahekitala 10,800 ndi 8,100, ndipo nditachotsera zinasonyeza kuti patha mahekitala 2,700.

Chomwe chikundivuta ndi chakuti malo ena a m'mphepete mwa phiri, omwe mapu a 2023 akuti alibe nkhalango, ndimawadziwa bwino ndipo mitengo ya mombo ndi misuku ikadalipo. Nditayesa mapu aliwonse paokha, onse anasonyeza kuti akulondola pafupifupi 90 pa 100 iliyonse. Kodi chiwerengero cha 2,700 ndingachilembe mu lipoti, kapena pali poyenera kukonza ndisanachipereke kwa anthu?

A Chirwa

Ngati mapu onse awiri akulondola 90 pa 100, ine sindikuonapo vuto lalikulu. Mungochulukitsa 0.9 ndi 0.9, mupeza 0.81, ndipo mulembe kuti mapu anu a kusintha akulondola 81 pa 100. Zithunzi za m'chilimwe ndi zabwino chifukwa kumwamba kumakhala kopanda mitambo, choncho cha mu Sepitembalacho musachitaye.

Mayi Nabanda

A Mwale, chiwerengerocho musachilembe kaye. Ndiyambe ndi masiku a zithunzi zanu, chifukwa ndi pomwe pali gwero la vuto lomwe mwaliona m'mphepete mwa phiri. Mu Meyi mvula imakhala itangosiya kumene, mitengo ya miombo ili ndi masamba ake onse, udzu wa m'madambo ukadali wobiriwira, ndipo ngakhale tchire lalifupi limaoneka lothithikana. Pofika kumapeto kwa Sepitembala mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba kapena ikuphuka masamba ofiira aja, pansi pali pouma, ndipo moto wolusa umakhala utadutsa malo ambiri ndi kusiya lupsa lakuda. Setilaiti imajambula kuwala kochokera pa masamba ndi pa nthaka, siiwerenga mathunthu a mitengo, choncho nkhalango yoyoyoka masamba yomwe pansi pake papsa imafanana kwambiri ndi malo ogwetsedwa. Mwayerekeza nyengo ziwiri zosiyana, ndipo mbali ina ya mahekitala anu ndi kusiyana kwa masika ndi chilimwe chabe. Funani chithunzi cha 2023 chomwe chinajambulidwa mwezi umodzimodzi ndi cha 2014. Ine ndimakonda Juni, chifukwa chimanga chimakhala chitakololedwa, udzu wayamba kuuma, koma mitengo ikadali ndi masamba ndipo moto sunafalikire.

Chachiwiri ndi kachotseredwe. Mukachotsera 8,100 pa 10,800 mumangoona kusiyana kwa ziwerengero ziwiri, koma simuona kuti ndi pikiselo iti yomwe yasintha ndipo yasinthira mbali iti. Perekani nambala 1 kwa nkhalango ndi 2 kwa malo opanda nkhalango pa mapu onse awiri, kenaka mu Raster Calculator ya mu QGIS mulembe motere:

```
"mapu2014@1" * 10 + "mapu2023@1"
```

Mapu atsopano adzakhala ndi nambala zinayi. Nambala 11 ndi nkhalango yomwe ikadalipo, 12 ndi yomwe yatha, 21 ndi malo omwe akuoneka kuti ameranso mitengo, ndipo 22 ndi malo omwe analibe nkhalango m'zaka zonse ziwiri. Mukayendetsa Raster layer unique values report mudzapeza chiwerengero cha mapikiselo a gulu lililonse. Chitani zimenezi ndi mapu omwe muli nawo kale, mutiuze zomwe zatuluka, chifukwa gulu la 21 limaulula zambiri.

A Mwale

Zikomo kwambiri mayi, ndachita monga mwanenera. Gulu la 11 lili ndi mapikiselo 78,000, omwe ndi mahekitala 7,020. Gulu la 12 lili ndi 42,000, omwe ndi mahekitala 3,780, ndipo gulu la 21 lili ndi 12,000, omwe ndi mahekitala 1,080. Otsalawo ndi a gulu la 22. Ndadabwa kuona kuti malo otha ndi ochuluka kuposa 2,700 aja, komanso sindikukhulupirira kuti m'dera muno mungamere mitengo pa mahekitala oposa 1,000 m'zaka zisanu ndi zinayi zokha ife osadziwa.

A Gondwe, Mchinji

Pepani ndilowererepo ndi nkhani yanga. Kwathu kuno tinabzala bulugamu pa theka la ekala kuseri kwa sukulu, ndipo anthu akumaba mitengoyo usiku kukamangira zigafa za fodya. Kodi setilaiti yomwe mukunenayi ingationetse tsiku lomwe anadula ndi mitengo ingati yomwe yapita, kuti tikhale ndi umboni pokaonekera kwa a mfumu?

Mayi Nabanda

A Gondwe, njira iyi singakuthandizeni. Theka la ekala ndi mapikiselo awiri okha a Landsat, ndipo mtengo umodzi kapena iwiri ikachoka pikiseloyo siisintha mooneka. Kwa inu ndi bwino kuwerenga zitsa pamalopo ndi kuzijambula ndi foni.

A Mwale, kukayika kwanu kuli m'malo. Tsegulani gulu la 21 palokha muone maonekedwe ake. Ngati likuoneka ngati timizere topyapyala ta pikiselo imodzi totsata m'mphepete mwa nkhalango, ndipo mbali inayo ya nkhalango yomweyo kuli timizere ta 12, ndiye kuti mapu anu awiri sakugona ndendende pamodzi. Izi zimachitika kawirikawiri munthu akasintha chithunzi chimodzi kupita ku dongosolo loyezera malo pa mapu la EPSG:32736 n'kusiya chinacho mmene chinabwerera, popeza zithunzi za Landsat za kwathu kuno zimabwera zili mu EPSG:32636. Onetsetsani kuti onse awiri ali mu dongosolo limodzi, mapikiselo awo ndi a mamita 30, ndipo ngati mukusintha mapu ogawidwa kale musankhe Nearest Neighbour kuti nambala za magulu zisasakanikirane. Ngati gululo lili timadontho tomwazikana m'midzi, kawirikawiri imakhala mitengo ya mango, madimba a m'madambo omwe amabiriwira m'chilimwe, kapena mphukira za m'minda yogonera.

Pa zomwe anena a Chirwa, kuchulukitsa kuja kuli ndi choonadi chake, chifukwa zolakwika za mapu oyamba ndi za achiwiri zimakumanadi pa mapu a kusintha. Koma 81 pa 100 ikunena za dera lonse, lomwe mbali yake yaikulu sinasinthe ndipo ndi yosavuta kuilondola. Tangoganizani kuti ngati mapikiselo 19 pa 100 alionse angakhale olakwika, pa mahekitala 20,000 amenewo ndi mahekitala 3,800, omwe akufanana ndi gulu lanu lonse la 12. Sizikutanthauza kuti gulu lonselo ndi labodza, koma zikusonyeza kuti nambala ya 81 singakuuzeni kuti mahekitala otha ndi angati.

Choyenera ndi kuyesa mapu a kusinthawo mwachindunji. Mukakonza za masiku ndi kagonedwe ka mapu, uzani kompyuta isankhe malo mwachisawawa m'gulu lililonse mwa anayi aja, mwachitsanzo malo 100 pa gulu, osati inu kusankha omwe mukuwadziwa kapena oyandikira msewu. Malo alionse muwaone pa zithunzi zakale za mu Google Earth Pro za zaka zoyandikira 2014 ndi 2023, ndipo ovuta mukawaone ndi maso, mufunsenso eni dera kuti panali chiyani kale. Ndigwiritse ntchito ziwerengero zanu za lerozi ngati chitsanzo chabe. Tinene kuti mwa malo 100 a m'gulu la 12, malo 55 okha ndi omwe nkhalango inathadi. Mahekitala 3,780 kuchulukitsa ndi 0.55 akupereka 2,079. Tinenenso kuti mwa malo 100 a m'gulu la 11 mwapeza 5 omwe anagwetsedwa koma mapu sanaone, ndiye kuti 7,020 kuchulukitsa ndi 0.05 akupereka 351. Ngati m'magulu awiri otsalawo simunapezemo malo otha, chiwerengero chanu ndi mahekitala 2,430, ndipo ndi malo oyesera ochepa choterewa muyenera kulemba kuti chikhoza kukwera kapena kutsika ndi mahekitala pafupifupi 480. Chiwerengero chimenechi, pamodzi ndi malire akewo, ndi chomwe chimalowa mu lipoti, osati kuwerenga mapikiselo kokha.

A Chirwa

Za kuyesa gulu lililonse ndamva ndipo ndavomera. Koma pa za Juni ndikadali ndi mawu, chifukwa ndinayesapo kufuna zithunzi za mwezi umenewo ndipo mitambo ya chiperoni inali itaphimba mapiri, omwenso ndi malo a nkhalango. Komanso mayi, simunakhudze za makala. Owotcha makala amasankha mitengo ikuluikulu n'kusiya ing'onoing'ono, moti malo omwe anali nkhalango yeniyeni amatsala ndi timitengo tapatalipatali, koma pa mapu amakhalabe m'gulu la 11.

Mayi Nabanda

Pa makala mwanena zoona, ndipo njira yoyerekeza mapu awiri a magulu awiri singathe kuona zimenezo. Tanthauzo la bungwe la FAO limawerenga malo ngati nkhalango akaposa theka la hekitala, mitengo yake ikatalika kuposa mamita 5, ndipo nthambi zake zikaphimba nthaka yoposa 10 pa 100. Malo omwe mitengo inkaphimba 60 pa 100 ndipo tsopano ikuphimba 15 amakhalabe nkhalango pa tanthauzo limeneli, ngakhale kuti mitengo yambiri yapita. Ena amawonjezera gulu lachitatu la nkhalango yopyapyala, koma ine ndinaona kuti malire a gulu limenelo ndi ovuta kuwalondola pa mapikiselo a mamita 30, ndipo zolakwika zimachuluka. A Mwale alembe momveka tanthauzo lomwe atsata, ndipo anene kuti chiwerengero chawo ndi cha malo ogwetsedwa okha. Pa za mitambo, ngati Juni wa 2023 alibe chithunzi choyera, aphatikize zithunzi za Landsat 8 ndi Landsat 9 za pakati pa Meyi ndi Julayi, achitenso chimodzimodzi ndi za Landsat 8 za 2014.

A Mwale

Ndayang'ana gulu la 21 ndipo lambiri lili m'madambo momwe muli madimba, koma timizere ta m'mphepete tiliponso kumpoto kwa dera, choncho ndiyambiranso kuchokera pa zithunzi. Funso lomwe latsala ndi la minda ya m'maesiteti a fodya yomwe inasiyidwa ndipo yamera mphukira zotalika ngati munthu. Mphukirazo sizinafike mamita 5, koma zikhoza kufika ngati sazidulanso. Kodi pa malo oyesera omwe agwere m'minda yotereyi ndiziwalemba kuti ndi nkhalango kapena ayi?