Ndithandizeni kukonza uthenga wodziyankha wokha pa imelo ya kuntchito

Anzanga, ndikupempha nzeru. Ndichokapo pantchito kuyambira Lolemba pa 3 mpaka Lachisanu pa 14 mwezi wamawa, chifukwa cha nkhani ya kuchipatala imene sindikufuna makasitomala aidziwe. Ndiye ndikukonza uthenga umene Outlook imatumiza yokha munthu akandilembera, uja wa pa Automatic Replies. Ndalemba motere:

"Zikomo pondilembera. Sindili mu ofesi kuyambira pa 3 mpaka pa 14, ndipo ndidzayamba kuyankha makalata Lolemba pa 17. Ngati nkhani yanu siingadikire, lemberani ofesi ya maakaunti."

Chikundivuta kwambiri ndi tsiku lobwerera. Adokotala anena kuti mwina adzandiwonjezera masiku atatu kapena anayi. Ndikalemba pa 17 kenako n'kulephera kufika, anthu adzati ndawanamiza, koma kunena kuti "tsiku silikudziwika" n'kuitana mafunso omwe ndikuwathawawo. Kodi ndingolemba pa 20 kuti ndikhale ndi mpata, kapena ndisiye pa 17 mnzanga adzasinthe zikavuta?

Chinanso, amene andigwirire ntchito wavomera, koma nambala yake ya foni sindiika, poti uthengawu umapita kwa aliyense wolemba, ngakhale otsatsa malonda. Ndaona kuti Outlook imalola uthenga wina wa antchito anzako, wina wa anthu akunja. Dzina lake ndingoliika mu wa m'katiwo, akunja ndiwapatse imelo ya dipatimenti basi? Inu mumatani?