Mahedifoni kapena sipika pa nyumba ya mdadada?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala nyumba ya lendi ya mdadada yopanda siling'i, moti aneba akatsokomola ndimamva. Sipika yanga ili ndi sabuwufa, ndipo ngakhale nditsitse voliyumu, besi imadutsabe khoma. Dzulo mayi a khomo linalo anagogoda cha m'ma 9 koloko usiku kuti mwana akulephera kugona. Manyazi ake!

Ndayesa mahedifoni ophimba khutu lonse, koma pakatha ola limodzi makutu amatentha, thukuta kamukamu, ndiponso munthu akagogoda sindimva. Kodi ndikachotsa sabuwufayo, n'kugula timasipika ting'onoting'ono toika patebulo pafupi nane, kutali ndi khoma, aneba adzapuma? Kapena ndingopirira mahedifoniwo? Amene munayesapo, zinakuyenderani bwanji?