Thandizeni pa masamu a dopamini: mamililita angati pa ola?

Anamwino anzanga ndi akuluakulu, ndine wophunzira, ndili pa pulakitiko kuno ku Kasungu. Funso lina pa pepala la masamu a mankhwala latigawanitsa.

Wodwala akulemera makilogalamu 60, alandire dopamini mamaikulogalamu 5 pa kilogalamu pa mphindi. M'dilipi ya mamililita 250 mwathiridwa mamiligalamu 400.

Ine ndachulukitsa 5 ndi 60, kupeza mamaikulogalamu 300 pa mphindi. Pa ola ndi 18,000, ndipo tikagawa ndi 1,000 akhala mamiligalamu 18. Mililita iliyonse ili ndi mamiligalamu 1.6, ndiye 18 kugawa ndi 1.6 zikundipatsa mamililita 11.25 pa ola.

Mnzanga wapeza 11.7. Iye akuti mankhwalawo amabwera ali madzi kale, mamiligalamu 40 pa mililita, choncho tawonjezera mamililita 10 ndipo m'dilipimo muli 260. Mfundo yake ikumveka ndithu, koma pepalalo silinanene zoyamba kuchotsamo madzi ena. Pamayeso timawerengera 250 kapena 260?

Chinanso, pampu ikasowa n'kugwiritsa ntchito chubu cha madontho 60 pa mililita, ndikupeza madontho 11 pa mphindi. Kodi mankhwala oopsa ngati amenewa amaloledwa kuwerengera madontho ndi maso?